Paketi yonse m'kapu imodzi

Ine sindikonda zinthu zamadzimadzi. Tiyi ndimafuna wakuda bii, phala loti supuni iime yokha. Ku Zomba kuphiri, kumene ndinkagwira ntchito yodulira mitengo ya paini, anzanga ankandiseka nazo, ine n'kumanyadira. Khalidwe limeneli linatsala pang'ono kundiphera mwana.

Mwana wathu wamkazi anali ndi chaka ndi miyezi iwiri pamene anayamba kutsegula m'mimba. Linali Lachisanu. Amake anamubereka kupita kwa alangizi a zaumoyo, n'kubwera ndi mapaketi a ORS, aja tonse timangoti thanzi, ndi timapiritsi ta zinki. Madzulo anandifotokozera zonse monga anamvera. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita yathunthu ya madzi owiritsa atazizira, ndipo lita ndi mabotolo awiri aja a madzi ogula a theka la lita. Mwana wosakwana zaka ziwiri akachita chimbudzi chamadzi, amwetsedwe kota kapena theka la kapu, pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza, dikirani mphindi khumi, muyambirenso modekha. Otsala akakwana tsiku lathunthu, atayidwe. Ine ndinkangoti eya, eya, khutu lili pa wailesi. Ndinkaona ngati zimenezo n'za amayi.

Loweruka m'mawa mwana ankaoneka kuti wapezako bwino. Amake anali ndi mabulosi othyola dzulo lake, ndipo mabulosi akagona kawiri ndi otaya. Anamuyamwitsa mwana, anamupatsa piritsi lake la zinki atalisungunula pa supuni, n'kusenza dengu kutsika kutauni. Thanzi wadzulo anali atatha. Pochoka anandiuza kuti madzi owiritsa ali m'poto, mabotolo ali pawindo, ndisungunule wina.

Asanafike n'kutali komwe, mwana anatsegulanso. Kenako kawiri motsatizana. Ndinatenga paketi, ndinayang'ana mabotolo awiri aja, ndinayang'ana kamimba ka mwana. Ndinati, koma anthuwa amaganiza? Madzi onsewa alowa pati? Kaufa kochepa chonchi m'chimadzi chonsechi, mphamvu yake itsala pati? Ndinatenga kapu yanga ya tiyi, yachitsulo, n'kukhuthuliramo paketi yonse. Ndinatakasa ndikudziyamikira kuti mankhwala onse alowa msanga, amake akamabwera apeze mwana akusewera.

Supuni yoyamba anakwinya nkhope n'kulavula. Ndinati mankhwala enieni amatero. Ndinamunyengerera, ndinamuimbira, mpaka anayamba kumeza. Posakhalitsa anayamba kulilira kapu, kuigwira ndi manja onse awiri. Ine ndinasangalala kuti mankhwala wawakonda. Sindinadziwe kuti linali ludzu, kuti mchere umene ndinkamupatsawo ndi umene unkamuwotcha kukhosi. Kapu itatha ndinang'amba paketi yachiwiri n'kuchitanso chimodzimodzi. Sindinalaweko ngakhale dontho.

Dzuwa lili pamutu zinthu zinatembenuka. Kutsegula kunawonjezeka, madzi okhaokha. Mwana analira kulira kwina kosongoka kumene ndinali ndisanakumvepo, misozi osatuluka. Kenako anasiya kulira, ndipo kusiyako ndi kumene kunandiopsa. Nkhungu inali itatsika, mitengo osaoneka, nyumba zoyandikana nazo zili zii, anthu ali kumsika. Ndinamuitana dzina, anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. 

Amake anafika cha m'ma thuu koloko. Sanatule n'komwe dengu bwinobwino. Anamupatsa bere, mwana osaligwira. Anayang'ana maso, olowa m'kati. Anagwira paliwombo, napo polowa. Anandifunsa kuti wakodza liti, ine osadziwa, koma thewera linalibe mkodzo chichokereni iwo. Anati alangizi ananenetsa kuti mwana akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akalefuka osadzuka, akatentha thupi, akakomoka, kapena m'chimbudzi mukaoneka magazi, osadikira, thamangirani kuchipatala. Anaona mapaketi awiri opanda kanthu patebulo, anandiyang'ana, koma nthawi yofunsa panalibe. Ine ndinatola kapu ija n'kuiponya m'thumba la jekete. Ndinene zoona, ndinkabisa.

Tinapeza njinga yamoto pamsewu. Amake anakhala pakati mwana ali pachifuwa, ine kumbuyo. Amene anatsikapo phiri limenelija akudziwa makhotakhota ake, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Tsiku limenelo phompho sindinaliope. Ndinkangoyang'ana kaphazi ka mwana kamene kanatulukira pansi pa chitenje. Tili pakati pa njira kanayamba kunjenjemera kokha, kugwedezeka, kuima, kugwedezekanso. Amake anayamba kupemphera mokweza. Ine pemphero linakana.

Kuchipatala sanatiimike pamzere. Namwino, mayi wamkulu wa magalasi, anangomuona mwana n'kumulanda. Anamugoneka, anaitana adokotala, anayamba kufunafuna mtsempha. Ali m'kati mofufuza anafunsa amake zimene mwana wamwa. Amake anati thanzi, mapaketi awiri chichokereni m'mawa. Namwino anaimitsa manja. Anati malita awiri sangalowe mwa mwana wotere pa theka la tsiku. Anafunsa amake kuti anasungunula bwanji, ndipo mawu ake anali olimba.

Amake anaweramitsa mutu ngati olakwa ndi iwo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, kapu ikundikhudza m'nthiti, ndipo ndinakhala chete. Sizinapitirire mwina kupuma katatu, koma ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

"Ndikufunsa kuti tidziwe chomupatsa mwanayu," anatero namwino. "Sindikuzenga mlandu."

Ndinatulutsa kapu ija.

"Ndine ndinasungunula, amayi. Paketi imodzi m'kapu iyi. Kawiri."

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangotenga kapuyo n'kuwaonetsa adokotala, iwo n'kulamula kuti atenge magazi akayeze mchere. Namwinoyo anandiuza kuti thanzi wosungunula m'madzi ochepa amakoka madzi a m'thupi kupita m'matumbo, kutsegula n'kuwonjezeka, mchere n'kuchuluka m'magazi mpaka kufika posokoneza ubongo. Anati diripi aiyendetsa pang'onopang'ono, chifukwa kutsitsa mcherewo mofulumira n'koopsanso. Ndinafunsa ngati achira. Anati tidikire.

Tinadikira masiku awiri. Amuna sagona m'chipinda cha ana, choncho ndinkangozungulira panja, n'kumasuzumira pawindo. Mayi aliyense akalira m'katimo, ndinkathamangira pawindopo. Amake sanandinene ngakhale liwu limodzi, ndipo nthawi zonse ndikalowa ankandisunthira kuti ndikhale. Lolemba m'mawa ndinapeza mwana ali pabere, akukoka ndolo ya amake ndi dzanja lopanda diripi. Ndinatuluka kukalira kuseri kwa thanki ya madzi.

Tsiku lotuluka namwino uja anandiitana, amayi onse a m'chipindamo akuona. Anandipatsa jagi ya lita, madzi ndi paketi, kuti ndisungunule. Ndinathira madzi mpaka pamzere, ndinakhuthula paketi yonse, ndinatakasa mpaka kaufa konse katha. Anati ndilawe. Thanziyo anali wamchere pang'ono chabe, ngati misozi. Anatikumbutsanso za zinki, kuti mwana wopitirira miyezi isanu ndi umodzi amamwa piritsi lathunthu tsiku lililonse, wocheperapo theka, ndipo timalize masiku khumi amene anatilembera ngakhale kutsegula kutasiya, kuti matumbo achire ndipo matenda asabwerere msanga. Kenako anatsegula kabati n'kundibwezera kapu yanga.

Titafika kunyumba ndinafuna kudziwa chimene ndinamwetsa mwana wanga. Amake ali panja, ndinasungunula paketi m'kapu yomwe ija n'kumwako kamodzi. Sindinathe kumeza. Ndinathamangira pakhomo kukalavula, ine munthu wamkulu, wokonda zowawa.

Mwana wanga anamwa makapu awiri, chifukwa amene ankamupatsa supuniyo anali bambo ake.