Makina Aja Ankangodikira Miyezi Itatu

Ntchito ija ndinaipeza amayi atayamba kale kusaona. Shuga inali itawadya maso, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawasambitsa, kuwabaya jakisoni, kuwasiyira phala pampando pomwe dzanja lawo linkafika, kenako n'kukwera kabaza pa Chinakanaka kukagwira ntchito pa Boma. Ndikamatuluka ankafunsa kuti, "Ubwera nthawi yanji?" Ndinkayankha kuti dzuwa lisanalowe, ndipo ndinkabweradi. Ntchito ya pa kompyuta yoti munthu n'kumagona kwanu ku Mulanje kuno sipezeka wamba. Ndinkadziwa kuti ikangotha, kwanga n'ku Limbe basi, amayi n'kutsala m'manja mwa ena.

Kampani yathu inali yaing'ono, zipinda ziwiri ndi sitolo kuseri. Tinkagulitsa mapampu a sola. Ang'onoang'ono ankagula a magolosale ndi timakalabu ta alimi a m'madimba, koma abwana ankalota akuluakulu: maesiteti a tiyi, masukulu ogonera pompo, zipatala za mishoni. Pampu imodzi ya ku esiteti, ndi mapaipi ndi mapanelo ake, inkaposa ting'onoting'ono tonse ta chaka. Abwana anali munthu wautali, mkulu wa mpingo, wosatukwana, wosamwa. Ukakwiya naye unkasowa pomugwira, zomwe zinkandikwiyitsa kwambiri.

Ntchito yanga inali yosaka makasitomala pa intaneti. Tinkalipira kuti munthu akalemba mawu ngati "pampu ya sola" pofufuza, aone uthenga wathu pamwamba. Akadina, ankafika pa fomu yathu n'kulemba zomwe akufuna. Kudina kulikonse kunkabwera ndi nambala yakeyake, yaitali ngati mchira wa khoswe, ndipo ineyo ndinkaisunga pamodzi ndi dzina la munthuyo. Malonda enieni sankachitikira pa intaneti ayi. Ankachitikira pafoni, m'munda, mu ofesi ya wina. Ndiye munthu akagula, ndinkatenga nambala ija, tsiku lomwe wagula ndi mtengo wake, n'kuzibweza ku makina a pa intaneti omwe ankaonetsa anthu uthenga wathu uja. Makinawo ankaphunzira pamenepo kuti kudina kotereku kumabala malonda, n'kumakasaka anthu ena ofanana naye.

Poyamba tinkawerenga aliyense wodzaza fomu ngati phindu. Mayo ine! Makina anatibweretsera mtundu wonse: ofuna ntchito, ofunsa ngati timatchaja mafoni, mpaka bambo wina wofuna sola yoonera mpira pangongole. N'chifukwa chake ndinayamba kupereka malikisi ngati mphunzitsi. Wolemba dzina la bungwe, malikisi. Wotchula kukula kwa munda ndi kuya kwa chitsime, malikisi. Wodziwa yemwe amasaina kwawoko, malikisi ambiri. Wongolemba kuti "mtengo?" ndinkamupatsa imodzi yachifundo. A malikisi ochuluka ndinkawaimbira tsiku lomwelo, enawo ankadikira kaye.

Mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti nanazi amachita kupsera m'munda, inabwera fomu yochokera kwa kalaliki wa esiteti ina. Anaika nambala ya foni yakeyake, ndipo Chingerezi chake chinali chopunduka, koma analemba kuti nazale ya tiyi ikuuma, magetsi akangozima pampu yawo imaima. Ine ndinakulira kumalaini a antchito a pa esiteti, bambo anga ankathyola tiyi mpaka zala zinachita kupindika. Ndimadziwa kuti manijala wa esiteti salemba fomu. Amangoti, "Tafufuzani," wapansi n'kufufuza. Ndinawapatsa malikisi onse akalaliki aja, n'kuwaimbira.

"Achemwali," anatero, "musathamange. Kuno zinthu zimayenda pang'onopang'ono."

Ananena zoona bambo amene uja. Novembala tinapita kukayeza malo. Disembala tinatumiza kotesheni. Kenako mvula inagwa, tiyi n'kuphukira, ndipo nthawi yothyola ku esiteti kulibe amene amayankha za mapampu, aliyense maso ali pa sikelo ndi ku fakitale. Ndinkawaimbira akalaliki kamodzi pa milungu iwiri. Ankandiuza kuti pepala lili kwa amanijala, kenako lili kwa owerengera chuma, kenako lapita ku likulu, kenako likudikira kuti tiyi agulitsidwe ku okushoni aone ngati bajeti ya chaka chatsopano ilola. Tinafika pozolowerana. Ankafunsa kuti amayi adzuka bwanji, ine n'kufunsa za mwendo wawo wa nyamakazi.

Vuto linali apa. Makina aja amalandira malonda okhawo ochitika pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe munthu anadina. Ikadutsa, nambala ija yafa, ngakhale utabwera ndi cheke chachikulu bwanji. Miyezi itatu! Ku esiteti miyezi itatu pepala limakhala lisanachoke n'komwe pa tebulo loyamba. Ogula msanga anali a magolosale a ku Limbuli, otenga timapampu tiwiri titatu kukagulitsa kwa a m'madimba. Amenewo ndi omwe ndinkabweza ku makina, makina n'kumvetsa kuti abwana amakonda a magolosale, n'kutibweretsera ena otero. Mafomu a masukulu ndi maesiteti anayamba kuchepa. Makinawo sankalakwa, ankachita zomwe tinkawaphunzitsa.

Njira yake inalipo, si kuti ndinatulukira ndine, onse ogwira ntchitoyi amaidziwa. Sudikira cheke. Kasitomala wa malikisi ochuluka mukangopita kukayeza malo ake, umawauza makina nthawi isanathe, pa mzere wakewake wosiyana ndi wa malonda otheka, n'kuikapo mtengo wongoyerekeza molingana ndi malikisi. Ndinalowa mu ofesi ya abwana Januwale ali pakati, nambala ya akalaliki itatsala pang'ono kufa.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, a esiteti agula?"

"Sanagule, bwana."

"Ndiye mukufuna tilembe mtengo pa chinthu chomwe sitinagulitse?"

"Si malonda, bwana. N'chizindikiro chabe, kuwauza makina kuti anthu oterewa ndi omwe tikuwafuna."

"Chizindikiro chokhala ndi ndalama pambali pake," anatero mofatsa. "Ine sindinanamizepo munthu pa bizinesi, sindiyambira pa makina. Akalipira, mulembe."

Koma abale! Ndinatuluka m'makutu mukulira. Ndinakaima kuseri kwa sitolo n'kutukwana m'Chilomwe, mawu omwe ndinkawamva kumalaini ndili mwana, oti amayi akanamva akanandikana. Kunamiza makina! Ngati makina ali ndi mzimu woti ukawaneneze kumwamba. Ndinabwereranso kwa abwana kawiri, ulendo wina ndi chojambula papepala, ulendo wina ndi misozi yeniyeni. Anandipatsa mpango wawo wopukutira thukuta, koma yankho silinasinthe. Ena amandifunsa kuti bwanji sunangochita mwakachetechete. Abwana ankaona okha tsamba la malipoti a makinawo mwezi ukatha, mzere ndi mzere, magalasi ali pamphuno, ndipo anandiuza kuti akapezapo nambala yopanda risiti ndinyamule chikwama tsiku lomwelo.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Tsamba linkaonetsa kuti ndalama zotsatsira zikupita, zobwera n'timapampu ta m'madimba. Abwana ankagwedeza mutu n'kunena kuti intanetiyi n'ja achinyamata osewera. Anadula ndalama zotsatsira pakati. Makina atachepekedwa chakudya anabweretsa anthu ochepa, tsamba n'kuipiraipira. Ine ndinkangopereka malikisi kwa anthu atatu pa mlungu, ngati mphunzitsi wa sukulu yomwe ana athawa. Kunyumba ndinkaseka mokweza kuti amayi asamve kanthu m'mawu mwanga, koma munthu wosaona amamva kwambiri. Tsiku lina ndikuwapaka mafuta kumsana anati, "Iwe, manja akowa ali ndi nkhawa." Ndinawauza kuti n'kuzizira.

Julaye, chiperoni chitaphimba phiri lonse, a esiteti anasaina. Amanijala sanaimbire ine, anaimbira abwana, poti akuluakulu amalankhulana okhaokha. Akalaliki ndi omwe ananditsina khutu m'mawa mwake. "Achemwali, zatheka. Mapampu atatu." Ndinavina ndekha mu ofesi, jekete lili m'thupi.

Ndinkadziwa zomwe makina anene, koma ndinayesabe, monga munthu amagogodera pakhomo loti akuona kuti pali loko. Ndinaika nambala ija, tsiku ndi mtengo, n'kutumiza. Yankho linabwera: nambala yakalamba, siingalandiridwe. Malonda aakulu kuposa onse omwe kampani ija inachitapo, pa tsamba panalibe ngakhale kadontho.

Ndinapita kwa abwana ndi fomu ya Okutobala ija ndi mndandanda wa mafoni onse omwe ndinaimba. Anaziyang'ana bwinobwino, sanandinyoze. Anati sakukana kuti ndinavutika, koma amanijala aja anadziwana nawo pa maliro ena chaka chatha, ndipo ndi iwo abwanawo amene anakankha nkhaniyi kumapeto. Mwina zinalidi zoona, sindikudziwa. Kenako anatembenuza kompyuta kuti ndione.

"Makina anu omwe, mayi, akuti kasitomalayu sanabwere ndi iwo. Ndikhulupirire ndani?"

Ndinati makinawo sanakane kuti kasitomala ndi wathu, angokana tsiku. Anamwetulira mwachisoni. Mwezi utatha anatseka zotsatsa za pa intaneti, ndipo tebulo langa analichotsa kuti paikidwe mapanelo a ku esiteti. Anandipatsa kalata yabwino yondiyamikira, anandipempherera ndi kundipempherera komwe. Mpaka lero sinditha kudana nawo bwinobwino, ndipo zimenezo zimandipweteka.

Ndinayendayenda pa Boma kufunsa ntchito mpaka nsapato zinatha. Ku Mulanje kulibe wina wofuna munthu wopereka malikisi kwa makasitomala. Mapeto ake ndinapeza malo mu shopu ya zitsulo ku Limbe, kulemba marisiti. Amayi tinawasamutsira kwa achimwene ku Limbuli. Alamu anga si munthu woipa, koma ali ndi ana asanu ndi geni ya tomato, jakisoni amabaya akakumbukira. Amayi sadziwa pomwe pali khomo m'nyumba imeneyo. Anagwa kawiri mwezi woyamba, kenako anangosiya kudzuka pamphasa.

Ndimapita kumapeto kwa mwezi, thiransipoti ikapezeka. Minibasi ikamadutsa m'minda ya tiyi, mapanelo aja amaoneka patali, akunyezimira pamwamba pa nazale yobiriwira bwino. Ndimayang'ana kumbali inayo. Akalaliki anandiimbirapo kamodzi kuti esiteti ina ikufunanso mapampu, ndinawapatsa nambala ya abwana.

Amayi ndimawaimbira m'mawa uliwonse pa foni ya alamu, ndisanatsegule shopu. Masiku ano mutu wawo unayamba kusokoneza, amaiwala kuti ndinasamuka. Amandiuza kuti phala sakulipeza pampando, kuti sanasambe. Kenako amafunsa kuti, "Ubwera nthawi yanji?"

Ndimawayankha kuti dzuwa lisanalowe.