Mawa ndikaonana ndi abwana ndekha

Mwaswera bwanji nonse kumeneko.

Lero ku ofesi yathu yokiliyalitsa katundu kuno kuboda zandikwana. Abwana anauza Mayi Mbewe, anzathu achikulire aja, kuti ayambe ndi mapepala a thiraki ya feteleza. Dalaivala wa thiraki ya simenti atabwera kudzadandaula kuti tamuchedwetsa, abwana anatembenuka pamaso pake pomwepo. "Wakuuzani zimenezo ndani, mayi? Mutu wanu umagwira?" Munthu wa zidzukulu kungoti zyoli.

Masana tinakumana kuseri kwa ofesi. Tinagwirizana kuti ndikaonane ndi abwana, koma ndisakawanene kuti ndi ankhanza. Ndikangofotokoza za lerozi ndi zomwe zikutsatira, kuti anthu akuopa kufunsa, akubisa zolakwika, mathiraki akugona paboda. Pempho likhale limodzi, loti tikalakwa azitiitanira mkati, osati kutikalipira madalaivala akuona.

Tinayeserera ndithu. A Zulu, mnzathu wanthabwala, anakhala abwana, mpaka mmene abwanawo amagwedezera makiyi, anthu kuseka mpaka misozi. Nditafunsa kuti ndipita ndi ndani, kuseka kunathera pomwepo. A Zulu akuti, "Inu ndiye mumatha kulankhula, achemwali, koma musakatitchule." Mayi Mbewe eni akewo akuti ali ndi ana pasukulu. Ngati ine anga amadya dothi.

Ndapempha kale kukaonana ndi abwana mawa m'mawa paokha, mathiraki asanachuluke. Mawu oti "tonse" ndawasiya, ndikanena zomwe ndaona ndi maso anga.

Amalume, achimwene, mukuti ndipite? Zikakayenda tipuma ofesi yonse, koma zikakavuta wobwerera kwathu ku Mavwere ndi chikwama pamutu ndine ndekha.