Tsiku Limene Ndinasiya Kumuti Iwe

Kalata yomukweza pa ntchito inabwera nthawi yokolola. Mtsikana amene ndinamulandira ku Champhira atangotuluka kukoleji ya zaulimi ankapita ku Euthini kukayang'anira alangizi onse akumeneko. Popeza ndinali mkulu wake pa ntchito, akuluakulu anati ndikamuonetse ndine kwa anzathu pa msonkhano wa alangizi ku Mzimba boma.

Nkhawa yanga inali pa madoda a ku Euthini. Ena anayamba ntchito iye akukwawa. Anthu amene aja akakukana sakutukwana ayi. Amangoti "yewo, bwana," malipoti osabwera.

Nditaimirira ndinalengeza za udindowo bwinobwino, kenako pakamwa panandipereka. "Iwe, taimirira akuone." Zaka zonsezo ndinkamuitana choncho, iye n'kumanditi adada. Koma m'holo muja ndinamva kaphwete kumbuyo, bambo wina waimvi akugwinya mnzake. Aa, ine chitsiru! Munthu ndabwera kudzamukweza, ndamutsitsa ndi pakamwa panga.

"Pepani," ndinatero. "Amayi, taimirirani."

Pepala limene ndinalembapo zoti ndi wolimbikira ndinalipinda. Ndani sadziwa kuti mawu amenewo timanenera aliyense? Ndinawauza za chaka cha ntchemberezandonda, mmene amayiwa ankalowera m'minda mame asanaume, kusuzumira m'mitima ya chimanga phata ndi phata, mpaka alimi otsogolera anaphunzira kuzipeza mbozizo zikadali zazing'ono. Ndinawauza za munda wachitsanzo umene unakanika chifukwa tinachedwa kubzala. Ine ndinkafuna lipoti linamizire mvula, iwo anakana, analemba zoona. Tinakangana sabata yathunthu, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinanenanso kuti anafika akuyesa vingoma ndi ng'oma zovinira, osati chimanga, koma lero amaphunzitsa kapangidwe ka manyowa m'Chitumbuka mpaka azimayi kulululuza.

Bambo waimvi uja anafunsa kuti mbozi zija ankazipeza bwanji msanga chotero. Sanafunse ine, anafunsa iwowo, ndipo anayamba ndi mawu oti "amama". Mtima wanga unakhala pansi, koma nthawi yomweyo unayamba kuwawa. Zonse ndinkatchulazo zinali zinthu zoti ku Champhira sindidzazionanso.

Titatuluka, ndikutsegula loko wa njinga yamoto, amayi aja anandipeza.

"Adada, tikakhala awiri muzingonditi iwe. Ndapota."

"Ayi, amayi. Pakamwa pangadzandiperekenso pagulu."

Anaseka, koma misozi ikulengeza m'maso. Ndinabwerera ndekha kudzera ku Jenda.

Amaimbabe foni, makamaka mvula ikayandikira. Timakamba za mbewu, za alangizi ovuta, za mawondo angawa. Ndimawasowa chomene, ndipo ndimafuna nditangoti, "Iwe, wadya koma?" Ndimati, "Mwadya, amayi?"