Nyanja Yowonjezera pa Chinsalu cha a Simioni

Naima amakonza zikwangwani ndi makhadi aukwati pakompyuta, m'kashopu kosindikiza pafupi ndi msika wa Mangochi. Ndi mkazi wosalankhulalankhula, koma chimene amadana nacho n'kudula munthu pachithunzi. Amati ntchito ya lumo ndi ya telala.

Lachisanu lina a Jeffrey a ku Nkope anabwera kudzatenga chinsalu cha mwambo wovundukula chiliza cha achimwene awo, malemu a Simioni. Mwambowo unali wa mawa lake. Naima anali atamaliza kale: kumanzere chithunzi cha malemu ali m'boti, kumanja mawu akuti "Usani mumtendere" pamwamba pa madzi. Kumapeto kwenikweni kwa chithunzicho, chakumanzere, kunaima Tikhala, mwana wa mkazi woyamba wa malemu, dzanja lili paphewa la bambo ake.

Koma akubanja anali atasintha mawu. Tsopano ankafuna "Tidzakukumbukirani mpaka kalekale, msodzi wathu wa ku Nkope." Mawuwo anasefukira mpaka pankhope ya malemu.

Naima anati achepetse zilembo. A Jeffrey anakana, amvekere okhala kumbuyo aziwerenganso. Anati angokankhira chithunzi kumanzere kuti malo apezeke, zotsalira zigwere kunja.

"Mtsikanayo atha kuchoka," anatero. "Chinsalu n'cha malemu."

Tikhala mwiniwakeyo anali pakhomo, atanyamula jumbo ya bambo ake aang'onowo. Anangozolika. Naima anamva mtima kuwawa, chifukwa tsiku lobweretsa chithunzi mtsikanayo anamuuza kuti china chojambulitsa ndi bambo ake alibe.

Naima anapempha a Jeffrey kuti akhale pabenchi. Iwo anakana, n'kuima kumbuyo kwake akumukumbutsa kuti minibasi ya ku Nkope iwasiya.

Kukoka chithunzi kukananenepetsa malemu, ndiye sanachikhudze. Anatalikitsa tsamba lonse chakumanja, msinkhu n'kuusiya momwemo, popeza pulasitiki yosindikizira imabwera yokulunga ndipo kutalika sikuvuta. Kumanja kunatsala malo opanda kanthu. Anayamba kukopera mtambo ndi madzi a pachithunzipo n'kumadzaza pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa kuti mzere wolekanitsa madzi ndi mtambo usathyoke. Kabwato kena kakutali kanatulukira kawiri. A Jeffrey anakaloza ndi chala, amvekere taonani zachinyengo zayamba. Naima anakafufuta n'kusalaza mafunde pomwe panakumana chakale ndi chatsopano. Kenako anayala mawu aja. Anakwana onse, zilembo zosachepa.

A Jeffrey anayang'ana nthawi yaitali, kufunafuna pogwira.

"Nyanjayi sinali yaikulu chonchi," anatero.

"Ndaiwonjezera, bambo, kuti aliyense akwane."

A Jeffrey anangofunsa ngati zibowo zomangira zingwe ziwonjezeredwe, Naima n'kuvomera.

Makina atayamba kulavula chinsalu, mbali yoyamba kutuluka inali yakumanzere. Tikhala anaika jumbo pansi n'kuchilandira ndi manja awiri kuti chisakhudze fumbi.