A Muliya ndi Tsamba Lomaliza

A Bryson Muliya a ku Chinakanaka anagwira ukalaliki wa pa sikelo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, pa esiteti ina ya tiyi ya m'munsi mwa phiri. Ntchito yawo inali kupachika tiyi wa munthu pa sikelo, kuwerenga singano ndi kulemba nambala. Anali munthu waudongo, mwina waudongo wopitirira muyeso. Malaya awo ankasita okha, ndipo akazi awo a Estele, omwe anatchola tiyi pa esiteti yomweyo mpaka msana unakana, sankaloledwa kukhudza bolopeni yawo.

Anali ndi chuma chimodzi: kope lalikulu lomwe ankamatamo nkhani za m'nyuzipepala za Chichewa. Nkhani iliyonse yokhudza tiyi ankaidula ndi lezala ndi lula, mowongoka bwino, osasiya mpata woyera ngakhale wa chikhadabo. Analinso ndi bala limodzi. Zaka zambiri zapitazo a Moffat Mukhova, mphunzitsi wopuma ntchito, ankabwera pakhonde pawo Loweruka lililonse ndi kope, kumafunsa za moyo wa pa esiteti. A Muliya ankafotokoza, a Mukhova ankalemba, a Estele ankaphika tiyi. Patapita chaka kunatuluka kabuku ka masamba makumi asanu, kotchedwa Thukuta la m'Mizere ya Tiyi. Pachikuto panali dzina la a Mukhova. La a Muliya silinalimo paliponse, ngakhale pothokoza.

Sanakangane. Ankapatsana moni kutchalitchi, koma moni wake wa mano okhaokha.

Ndiye kunabwera Ireen, mwana wa mchemwali wawo, mphunzitsi wa pulayimale ku Milonde amene ankachita digiri ali pantchito, kumapita ku yunivesite nthawi ya holide yokha. Anapatsidwa asayimenti ya m'Chingerezi yonena za moyo wa otchola tiyi, ndipo anati palibe wina angamuthandize koposa amalume ake. Anawafotokozera kuti ku yunivesite mfundo iliyonse imayenera kukhala ndi mwini wake, ndipo eni akewo amalembedwa pa tsamba lomaliza, pa mndandanda wotchedwa malifalensi, motsata alifabeti.

A Muliya anamva mawu amenewo okha: tsamba lomaliza. Anawerenga zilembo mumtima n'kupeza kuti Muliya adzabwera pansi penipeni pa Mukhova. Sanadandaule. Kukhala pansi pa munthu pa pepala la yunivesite kunali bwino kuposa kusakhalapo.

Analankhula masiku atatu, foni ya Ireen ili pa mpando ikujambula mawu. Ananena za makolo awo omwe anachokera ku Mozambiki wapansi, za belu la m'mawa, za akapitawo, za nyumba za m'malaini. Tsiku lachitatu, mtima utatentha ndi kumvetseredwa, ananena chinthu chomwe sanauzepo a Mukhova kapena wina aliyense. Tiyi akanyowa ndi mvula, kalaliki ankachotsako makilo ena chifukwa cha madzi, ndipo limenelo linali lamulo lodziwika. Koma iwo ankachotsako ngakhale tsiku la dzuwa, n'kumanena kuti ndi mame, kuti abwana aziwakonda. Ireen anaimitsa foni n'kufunsa ngati zimenezi azilembe, ndiponso ngati sangafune kuti dzina libisike. Anafunsa kawiri.

"Ubise dzina langa?" anatero a Muliya. "Analibisa kale a Mukhova. Iwe ulembe lonse, B wake ndi Muliya wake."

Atatha zimenezo anatulutsa kope lija. Ireen analitsegula mosangalala, koma nkhope inagwa pang'onopang'ono. Anati nkhani ya m'nyuzipepala imafuna wolemba, tsiku, mutu wake, dzina la nyuzipepala ndi tsamba, kuti wowerenga akathe kuipeza yekha. Zambiri mwa zimenezo zimakhala m'mphepete mwa pepala, momwe lezala ya a Muliya inadutsa. Pa nkhani zoposa zana, ziwiri zokha ndi zomwe zinali ndi tsiku ndi dzina la nyuzipepala, chifukwa anazimata tsiku lomwe lezala inasowa. A Muliya anayesa kukumbukira masiku enawo. Ireen anati sangalembe tsiku longoganizira. A Muliya anatseka kope lawo mwakachetechete n'kulibwezera m'sutikesi.

Panatsala ntchito ina. Mutu wa buku kapena nkhani ya Chichewa, anatero Ireen, umalembedwa m'Chichewa momwemo, kenaka tanthauzo lake la Chingerezi limaikidwa patsogolo pake m'mabulaketi a ngodya, kuti alekichala ndi ena osadziwa chinenero chathu adziwe kuti bukulo likunena chiyani. Mitu ya nkhani ziwiri zija anaimasulira yekha. Wa kabuku ka a Mukhova unamuvuta pang'ono, ndipo a Muliya, pofuna kusonyeza kuti Chingerezi cha mu ofesi ya esiteti sichinawathawe, anautafuna usana wonse n'kumupatsa: Sweat in the tea rows. Ireen analemba. Iwo anamwetulira, osaganiza kuti avekanso mdani wawo malaya achiwiri.

Kuyambira pamenepo Chinakanaka yense anadziwa kuti dzina la a Muliya likupita ku yunivesite. Anauza wogulitsa nthochi, anauza wokonza njinga, anauza akulu a mpingo.

Ireen anawaikadi pa mndandanda m'chikalata choyamba. Koma chinabwerako ndi inki yofiira. Alekichala analemba kuti mwa kalembedwe komwe dipatimenti yawo imatsata, kotchedwa APA, mawu ongouzana pakamwa, omwe wowerenga sangakawapeze kwina kulikonse, amatchulidwa m'kati mwa ndime mokha: chilembo choyamba cha dzina, dzina la makolo ndi tsiku. Pa tsamba lomaliza salowapo. Anawonjezera kuti mfundo zambiri za munthuyu zilinso m'kabuku ka Mukhova, komwe kali ndi chaka, wosindikiza, ndipo laibulale ili nako. Pamene mfundo ikupezeka m'buku, atchule bukulo.

Alekichalawo sanalakwe, ndipo Ireen sanachite mwano. Anangotsata. Paliponse pomwe panali Muliya panakhala Mukhova, kupatula malo amodzi, pa mfundo yomwe m'kabuku munalibe.

Ireen anayesa kuwauza amalume ake pa foni. Anati zinthu zasintha pang'ono, afunika kukhala pansi awiri. A Muliya anangofunsa ngati dzina lilimo. Ireen anati lilimo, koma. Iwo sanadikire zotsatira "koma". Anati abweretse pepalalo Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndipo anaitana anthu: amayi anayi omwe ankatchola tiyi ndi a Estele, akapitawo awiri opuma, ndi a Mukhova. Kwa a Mukhova anachita kupitako okha kukawaitana pamaso, ndi ulemu wonse.

Tsikulo Ireen anafika mochedwa, anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mapeyala. Anagwada n'kunong'ona kuti amalume ayambe alowa m'nyumba. Iwo anamulanda envulopu akuseka, navala magalasi, natsegula kumapeto. Chala chinatsika ndi mzere. Chinafika pa Mukhova, M., chaka, mutu wa Chichewa m'zilembo zopendekera, Chingerezi chawo chija m'mabulaketi, wosindikiza. Chinatsikanso. Pansi pake panali dzina lina loyamba ndi N. Chala chinabwerera m'mwamba, chinatsikanso, n'kutembenuza pepala ngati kuseri kungakhale china.

Ireen anayamba kufotokoza za lamulo la alekichala lija. A Mukhova anatambasula dzanja.

"Tabweretsani, achimwene, maso anuwo atopa ndi sikelo."

Anawerenga mosafulumira, ngati ali m'kalasi. Akapeza dzina lawo ankakweza chala. Anafika pa khumi ndi chimodzi, nati mwanayu waphunzira bwino, akudziwa kusiyanitsa wolemba ndi wocheza. Akapitawo anaseka pang'ono. Kenaka a Mukhova anaima pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, nakweza nsidze.

"Iai, musadandaule, mulimo. B. Muliya, ndi tsiku lomwe. Kamodzi, koma mulimo ndithu. Kodi ndiwamasulire amayiwa? Paja ku yunivesite amati zonse zizimasuliridwa."

Ireen anati chonde aphunzitsi, asatero. A Muliya sanawaletse, pakuti anali asanadziwe kuti ndi mfundo iti yomwe yatsala. A Mukhova anamasulira bwino, mosawonjezera ngakhale liwu limodzi: kuti kalaliki wina wakale anavomereza kuti ankachepetsa makilo a otchola tiyi ngakhale tsiku lopanda mvula, n'kumanamizira mame.

Mayi mmodzi anayang'ana manja ake. Wina anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe, nati nanga si ankadabwa kuti mame a pa sikelo ya a Muliya sankauma mpaka masana. Anadzuka, nakutumula chitenje, ndipo anzake anamutsatira osatsanzika. Tiyi anatsala m'makapu.

A Estele anali atakhala pa mkeka, msana utatsamira khoma. Anafunsa ndi mawu otsika, osayang'ana munthu.

"Abambo, ndi dengu langa lomwe?"

A Muliya anatsegula pakamwa. Akanatha kunama, koma udongo wawo uja unali wa zonse: sikelo yawo sinkasankha nkhope, ndipo a Estele ankadziwa zimenezo. Anatseka pakamwa. Mayiwo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa nthawi, nasonkhanitsa makapu.

A Mukhova anabweza pepalalo ndi manja awiri. Anati mfundo imeneyo ndi yabwino kwambiri, n'zachisoni kuti sanauzidwe kale. Ngati kabuku kadzasindikizidwenso adzaiikamo, ndipo ulendo uno dzina la mwini wake sadzaliiwala.

Ireen anakhoza bwino asayimentiyo. Alekichala anayamikira makamaka kalembedwe ka malifalensi, nati ophunzira ambiri amaiwala kumasulira mitu ya Chichewa kapena amataya wa Chichewawo n'kusiya Chingerezi chokha, koma iye zonse anaziika m'malo mwake. Ireen sanapitenso ku Chinakanaka mpaka nyengo ya mvula.

A Muliya akadali komweko. Kumsika amapita m'mamawa, anthu asanachuluke, komabe amayi ena akawaona amafunsana mokweza ngati lero kwagwa mame. A Estele amawaphikira ndi kuwachapira monga kale, koma amadya paokha. Kope la nyuzipepala lija linatuluka m'sutikesi. Masana a Muliya amakhala nalo pakhonde ndi pensulo, kumalemba pansi pa nkhani iliyonse tsiku lomwe akuganiza kuti inatuluka. Akalemba amayang'ana kanthawi, kenaka amafufuta.