Mafuta Ochepa a Silas Makaiko

Pali anthu amene amakhulupirira kuti uthenga ukafuulidwa ndiye kuti wamveka. Ine ndimatsutsana nawo, ndipo umboni wanga ndi a Silas Makaiko, mlangizi wa zaumoyo m'chigwa cha Domasi. Makolo awo anachokera ku Mozambique, iwo anakulira m'matope a mpunga, ndipo ntchito yawo inali ya zimbudzi ndi zitsime, imene siipatsa munthu ulemu.

M'chaka cha 1974 anauzidwa kuti katemera wa chikuku adzabwera tsiku limodzi lokha, m'bokosi la madzi oundana, ndipo wotsala adzawonongeka. Anabwerekedwa galimoto ya chimkuzamawu, dalaivala wake a Alaudin, ndi mafuta osakwanira chigwa chonse. Ine ndinali wophunzira ku yunivesite ku Zomba, ndipo anandipempha kuwerenga uthengawo chifukwa mawu anga ndi aakulu.

Tinakangana pansi pa mtengo wa mango. A Alaudin ankafuna msewu waukulu wodutsa pa Naisi, kupita ndi kubwera tsiku ndi tsiku, poti kumeneko galimoto siimwa mafuta ndipo anthu sasowa. Ndinawayankha kuti anthu osasowawo ndi amodzimodzi: telala akamva kakhumi sasanduka matelala khumi. Ndinaumirira kuti tifike m'mudzi uliwonse kamodzi. Chifukwa china ndinali nacho: mchemwali wanga Lyness anakwatiwa kumudzi wakutali kuphiri, ali ndi mwana wosakwana chaka, Dina, ndipo chikuku chinali chitalowa kale m'midzi yoyandikana nawo.

A Makaiko anavomera za telala, koma zinazo anakana. Anati mayi akamva kamodzi amati ndi mphekesera, akamva kachiwiri amafunsa mnzake, akamva kachitatu m'pamene amakumbukira tsiku ndi malo. Kupitirira apo ndi kuwotcha mafuta. Anawonjezanso kuti mpunga unali ukucha, choncho masana amayi ali kudambo kuingitsa mbalame, ndipo wofuula m'mudzi nthawi imeneyo akulalikira mbuzi.

Anagawa motere. Midzi imene ili ndi tchalitchi kapena mzikiti ndi chigayo inamva kwaulere kawiri, pa mapemphero ndi pogayitsa, ndiye galimoto inapitako kamodzi. Midzi yopanda zimenezi, koma ya ana ambiri, inapitako katatu, masiku otalikirana, ulendo womaliza kutatsala tsiku limodzi. Inkaima m'mphepete mwa madambo, osati pabwalo. Pa Naisi sinafuule konse. Mudzi wa Lyness, wa mabanja ochepa ndi njira yokwera, anauchotsa.

Ndinawatsutsa mwaukali. Ndinati boma limene limasankha makutu si boma.

"A Digiri," anatero, "ndikakwera kwa achemwali anu kamodzi, midzi iwiri ya kumunsi itaya ulendo wachitatu. Ndiye kuti kumtunda amva osakhulupirira, kumunsi amva n'kuiwala. Mwapulumutsa ndani?"

Mpaka lero ndikunena kuti funsolo lili ndi yankho, ndipo tsiku lina ndidzalipeza. Tsiku limenelo ndinangoti ndikamuuza ndekha mchemwali wangayo. Ndinakweradi Lamlungu. Lyness anandimvera mwaulemu, n'kunena kuti alamu anga amati jakisoni amalowetsa matenda m'kati, ndi kuti ife a sukulu timakonda zatsopano. Ndinatsika ndili wokwiya ndi onse.

Nditawafotokozera a Makaiko, sanadabwe. Anangoti, "Ndiye kwa iwo ndi kamodzi. Kwatsala kawiri."

Anafunsa kumene amayi a kumtundawo amagayitsa chimanga, nakapempha mwini chigayocho kuti azitchula tsikulo kwa aliyense wotula dengu. Ndipo kutatsala tsiku limodzi, ine ndi a Alaudin tikuzungulira kumunsi, a Makaiko anakankha njinga yawo kukwera phiri, popeza njinga siimwa petulo. Anakawapeza alamu anga m'munda, ndipo akuti anayamba ndi kukambirana za mbewu ya mpunga asanatchule katemera.

Tsiku la katemera mzere unali wautali, wa amayi a matope m'miyendo, ndipo bokosi linkapepuka msanga. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana njira ya kuphiri. Dzuwa litapendeka ndinaona Lyness akutsika, Dina ali kumbuyo, ndi amayi ena a m'mudzi mwake pambuyo pake. Anandiuza kuti nkhani imene yanenedwa ndi mlongo wake, kuchigayo ndiponso ndi munthu wamkulu wotuluka thukuta siingakhale bodza, ndi kuti bambo a Dina anangoti apite.

Dina analira kwambiri pobayidwa. Ndinapita kukathokoza a Makaiko, ndi mawu amene ndinawakonza bwino, koma ndinawapeza akukangana ndi a Alaudin za mafuta otsala m'thanki, ndipo anandiuza kuti ndiyambe ndanyamula mabenchi.