Masamba Anayi a Muriel

Mukaona mayi wamtali akupalasa njinga pa boma la Nkhotakota, laputopu ili m'chikwama kumsana, ameneyo ndi Muriel. Ndi mwana wa aphunzitsi a kwa Malengachanzi, wokulira m'kwaya ya Angilikani. Zamakompyuta anakaphunzira ku Blantyre, ndipo anzake atathamangira ntchito za m'mabanki, iye anabwerera kwawo. Zaka zisanu ndi chimodzi analemba yekha pulogalamu ya bungwe lina lothandiza alimi a mpunga, yosunga mayina awo ndi kuwatumizira uthenga pafoni tsiku lolandira mbewu likayandikira. Koma kontirakiti ankampatsa ya chaka chimodzichimodzi, ngati waganyu. Ya chaka chatha inkatha mu Disembala, iye ali patchuthi chauchembere, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima.

Ndiye kalata yosiyira mnzake ntchito anailemba mosamala kwabasi, masamba anayi, kuti pasapezeke chomunenera.

"Ntchito yoyamba, uthenga wa mbewu," inatero kalatayo. "Yatha, ndaiyesa, ikugwira. Chatsala n'kulembamo tsiku. Yachiwiri, fomu yolembetsera alimi pafoni: netiweki ikaduka imataya zomwe walemba. Vuto ndalipeza, ndakonza theka, ndasonyeza pomwe ndalekezera. Yachitatu, kapulogalamu kochotsa mayina obwerezedwa: SIKANATHE, MUSAKAYENDETSE pa mayina enieni. Kakapeza nambala imodzi ya foni pa mayina angapo, kamasiya limodzi n'kufufuta enawo, pomwe ku Chia foni imodzi amalembetsera anthu asanu. Kasinthidwe kaye kuti kazifananitsa nambala ya chiphaso cha unzika. Kope la mayina onse limadzisunga lokha tsiku lililonse. Kabwezeredwe kake kali patsamba lachinayi."

Wolandira kalatayo anali Jeremy, mwana wa achemwali awo a bwana Layson, mkulu wa ofesi ya bungwelo. Anali wochokera ku Lilongwe ndi digiri yake yanyuwani. Anaiyeza kulemera padzanja uku akuseka.

"Masamba anayi, asisi? Musadandaule, izi n'zazing'ono."

Zazing'ono! Munthu amene Chia ankangomuonera pawindo la basi.

Mwana wa Muriel ali ndi masabata atatu, foni inalira mmawa. Anali mayi Habiba, mkulu wa kalabu ya alimi ku Chia.

"Amake mwana, pepani kukusokonezani. Atibweza ku mbewu, akuti mayina athu mulibe. Mwa ife asanu atsala apongozi anga okha. Mvula ili pafupi, tifesa chiyani?"

Muriel anadziwiratu chomwe chachitika. Pasanathe ola Jeremy anaimba. Ankafuna kuonetsa amalume ake mndandanda woyera, ndiye Lolemba anayendetsa kapulogalamu kaja. Mayina a alimi mazana anayi anasowa.

"Tsegulani tsamba lachinayi," anatero Muriel, mwana ali kubere, foni ataipanira paphewa. "Musatenge kope la dzulo, lawonongeka kale. Tengani la Lamlungu. Amene analembetsa kuyambira Lolemba muwalowetsenso pamanja."

Anamuyendetsa mzere ndi mzere mpaka dzuwa kufika paliwombo. Mayina anabwerera, a Habiba analandira mbewu yawo. Muriel anangoti zatha bwino, mwina bwana aona okha kuti iye ndi wofunika.

Ha! Wokoma atani.

Kumapeto kwa Disembala Muriel anabereka mwana kumbuyo n'kupita ku ofesi kukamva za kontirakiti. A Layson anamulandira bwino, anamuyamikira mwanayo kunenepa, kenako anamukankhira envulopu patebulo.

"Mayi, akuluakulu a bungwe sanasangalale. Kapulogalamu kanu kanafufuta alimi mazana anayi. Akanapanda Jeremy tikanachita manyazi. Ndiye aona kuti munthu mmodzi akwanira, kontirakiti yanu saiwonjezera."

"Bwana, kalata ndinasiya ija munaiwerenga?"

"Ndinaiwerenga, ndipo ndinawaonetsa. Munalemba nokha, m'zilembo zikuluzikulu, kuti sikanathe."

Muriel anatembenukira kwa Jeremy, amene anali pa desiki yapakona. Mnyamatayo maso anali pa kiyibodi ngati wataya singano. Akanangotsegula pakamwa n'kunena kuti anakayendetsa ndi iyeyo ndiponso kuti anamuimbira Muriel foni, koma ayi. Muriel anatenga envulopu ija n'kunyamuka.

Atafika pachitseko, a Layson anamuitananso, opanda ndi manyazi omwe.

"Musanapite, mayi, tamuthandizaniko zosintha kapulogalamu kaja kuti kazifananitsa ziphaso. Mwezi wonse zikumuvuta, ndiye mndandanda wa fetereza ukufunika Lachisanu."

Muriel anaima. Akanatha kutuluka, ndipo palibe akanamunena. Koma ankadziwa kuti Jeremy akapanikizika Lachisanulo akayendetsanso kapulogalamuko mmene kaliri, ndipo obwezedwa pamzere sakhala a Layson. Anasunthira mwana kutsogolo, namangitsa chitenje, n'kukoka mpando.

"Tasunthani," anamuuza Jeremy.